Nenani Msanga Chomwe Mwadzera: Imelo Yoyamba kwa Wogulitsa Amene Sakukudziwani

Munthu amene amalandira maimelo pakampani yogulitsa katundu wambiri nthawi imodzi saona kalata yanu yonse ikangofika. Pafoni kapena pakompyuta pake amaona zinthu zitatu zokha: dzina la wotumiza, mutu wa kalata, ndi kachidutswa ka mzere woyamba. Pamwamba pa kalata yanu pali ya kasitomala wakale amene akudandaula kuti lole yake yachedwa, pansi pake pali ya wina amene akufuna invoisi lero lomwe. Inuyo sakukudziwani, choncho dzina lanu silimuuza kanthu. Chimene chatsala kuti chikulankhulireni ndi mutuwo ndi mawu ochepa oyambirirawo. Ngati mawu amenewo ndi moni ndi mafuno abwino okhaokha, iye alibe chomuuza kuti mkatimo muli malonda, ndipo kalatayo amaisiya kuti adzaiona akapeza mpata. Kawirikawiri mpatawo supezeka.

Vutoli silichokera ku umbuli. Limachokera ku khalidwe labwino lomwe tinakula nalo. Mlendo akafika pakhomo amapatsidwa mpando, amalonjeredwa, amafotokoza za kumene wachokera ndi mmene wayendera, ndipo chimene wadzera amachitchula kumapeto. Kuyamba ndi pempho usanakhale n'komwe pansi ndi chipongwe. Koma malonje amatheka chifukwa mwini nyumba wakhala pomwepo, akukuyang'anani, ndipo sanganyamuke mawu ali m'kamwa. Wowerenga imelo sanakhale nanu pamphasa. Iye angachoke pa mzere uliwonse popanda wina womuona. Ine ndimakhulupirira kuti ulemu weniweni kwa munthu wotereyu ndi kumupeputsira ntchito, kuti adziwe msanga chimene mukufuna ndi chimene iye ayenera kuchita.

Tiyerekeze kuti mayi wina ku Lilongwe amapanga chiponde n'kumagulitsa m'magolosale. Pamwezi amatulutsa mabotolo pafupifupi 1,000. Mabotolo opanda kanthu wakhala akugula pang'onopang'ono kwa ogulitsa apakati, pamtengo wokwera, ndipo nthawi zina zivindikiro zake sizigwirizana. Mtedza watsopano wayamba kupezeka pamsika, ndiye akufuna kugula mabotolo ochuluka kuchokera kufakitale yeniyeni. Wamva za kampani ina yopanga zinthu zapulasitiki ku Blantyre, wapeza adiresi yake ya imelo, koma sadziwako munthu aliyense. Kalata imene ambiri angalembe pamenepa imayenda chonchi:

Mutu: Moni

"Okondedwa bwana, ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi onse ogwira ntchito kumeneko. Ine ndili bwino. Choyamba ndikufuna kuyamikira ntchito yaikulu imene kampani yanu ikugwira potukula dziko lathu. Ine ndine mayi wochita bizinesi, ndinayamba ndi mpamba wochepa kwambiri koma pano zinthu zikuyenda. Cholinga changa ndi kutukula amayi ndi alimi a mtedza. Ndingakondwe titakhala paubale wa malonda. Chonde nditumizireni mitengo ya katundu wanu."

M'kalatayi mulibe bodza, mulibenso mwano. Koma tayesani kuiwerenga muli pampando wa wogulitsa. Mwafika kumapeto osadziwa ngati munthuyu akufuna mabeseni, mipando, mapaipi kapena mabotolo. Simukudziwa ngati akufuna khumi kapena 10,000, kaya akufuna mawa kapena chaka chamawa. Mizere yoyambirira ikufanana ndi ya munthu wofuna ntchito kapena wopempha thandizo la ndalama, ndipo makalata otere kampani imalandira ambiri. Choipa kwambiri n'chakuti mawu osamveka onena za ubale wa malonda ndi amene akuba a pa intaneti amakonda kuyambira, moti wowerenga wochenjera amayamba kukayika asanafike pa pempho lenileni. Mayiyu akayankhidwa n'komwe, yankho lake likhala funso lakuti akufuna chiyani kwenikweni, kapena alandira ndandanda ya katundu yense wa kampaniyo yopanda mtengo woyenera iye.

Pali chinthu china chimene olemba ambiri sachiganizira. Adiresi imene mwaipeza pa chikwangwani kapena pa katoni, makamaka yoyamba ndi info@ kapena sales@, nthawi zambiri imatsegulidwa ndi munthu amene sapereka mitengo. Ntchito yake ndi kuona kalata n'kuipititsa kwa woyenera. Fakitale yapulasitiki ikhoza kukhala ndi wina woona za mabotolo, wina za ziwiya za m'nyumba, wina za mapaipi. Wolandira kalatayo akaona dzina la katundu pa mutu, amadziwa pompo kwa woitumiza, ndipo safunika kulembapo mawu ake ofotokozera. Akapanda kuliona, kalatayo ilibe mwini, ndipo kalata yopanda mwini imakhala pomwepo mpaka kukwiririka.

Nanga cholinga chimene tikuti chikhale pamwambacho n'chiyani? Si mawu akuti mukufuna kuchita nawo malonda. Wogulitsa asanatchule mtengo amafuna kudziwa katundu wake ndi uti, ndi wochuluka bwanji, akufunika liti ndipo apite kuti. Pamwamba pa izi amafuna kudziwa chimene mukumupempha kuti achite lero. Zimenezi zikakwana m'ziganizo ziwiri kapena zitatu zoyambirira, kalatayo yagwira kale ntchito yake ngakhale munthuyo atapanda kuwerenga zotsalazo.

Apa m'pamene pali ntchito yeniyeni, ndipo imayamba musanatsegule imelo. Makalata ambiri amazungulira chifukwa wolembayo sanatsimikize yekha chimene akufuna. Mayi wathuyu amalitcha botolo lake kuti la magalamu 500, chifukwa ndi mmene amagulitsira chiponde. Koma fakitale siyeza botolo ndi kulemera kwa zimene muikemo. Imayeza ndi mamililita, ndiponso ndi kukula kwa pakamwa pake m'mamilimita, popeza chivindikiro chimayendera pakamwapo. Chiponde n'cholemererapo pang'ono kuposa madzi, choncho magalamu 500 amakwana m'botolo la mamililita 500 n'kutsala kampata pamwamba. Mayiyu atenge botolo lomwe akugwiritsa ntchito pano, alidzaze madzi n'kuwayeza, kenako aike lula pakamwa pake. Alitembenuzenso n'kuyang'ana pansi pake. Mabotolo ambiri amakhala ndi kachizindikiro ka makona atatu kokhala ndi nambala mkati: 1 ndi pulasitiki yotchedwa PET, yoonekera mkati ngati galasi, ndipo 5 ndi PP. Kusiyanaku n'kofunika kwa wopanga chiponde, chifukwa chiponde chimatuluka m'makina chili chotentha, ndipo botolo wamba la PET limayamba kufewa ndi kupindika kutentha kukamayandikira madigiri 70, pamene PP imapirira kuposa pamenepo. Ntchito yoyezayi ndi ya kanthawi kochepa, koma ndi imene imamupatsa mawu oti aike pamwamba pa kalata.

Tsopano kalata yomwe ija italembedwanso:

Mutu: Mabotolo a PET 500ml, 3,000: pempho la kotesheni

"Moni bwana. Ndikupempha kotesheni ya mabotolo 3,000 a PET a mamililita 500, apakamwa pa mamilimita 70, pamodzi ndi zivindikiro zake zopotokola. Ndikuwafuna ku Lilongwe pasanafike pa 15 Juni. Ndi oikamo chiponde, ndipo akatiyenera tizitenga pafupifupi 1,000 mwezi uliwonse.

Mu kotesheniyo chonde mutchule mtengo wa botolo limodzi ndi chivindikiro chake, ngati msonkho wa VAT uli momwemo, chiwerengero chochepetsetsa chimene mumagulitsa, ndi masiku amene amadutsa kuchokera polipira kufika potenga katundu. Mundiuzenso ngati mumabweretsa ku Lilongwe kapena ndidzatenge ndekha.

Ine ndimapanga chiponde ku Lilongwe ndipo ndimagulitsa m'magolosale a mumzinda muno. Dzina la kampani yanu ndinaliona pa katoni ya mabotolo amene ndinagula kwa wogulitsa wina. Ngati nkhaniyi ili ndi mwini wake wina, chonde mupatsireni kalatayi. Zikomo kwambiri."

Pansi pake pabwere dzina, dzina la bizinesi ndi nambala ya foni. Moni sanachotsedwe, wangofupikitsidwa kukhala mawu awiri kuti mzere woyamba ukhale ndi malo a pempho. Zikomo alipo, chonde alipo. Amene amaopa kuti kalata yolunjika ndi yamwano ayerekeze ziwirizi n'kuona ngati yachiwiriyi yanyoza munthu.

Mutu wa kalata, bokosi lija lolembedwa Subject, uyenera kuganiziridwa mwapadera chifukwa foni imaudula. Pa sikirini yaing'ono pamaoneka mawu oyambirira ochepa okha, otsalawo amabisika. N'chifukwa chake mu chitsanzochi dzina la katundu ndi chiwerengero zatsogola, mawu akuti pempho la kotesheni abwera pambuyo. Mukatembenuza, wowerenga aona pempho koma osaona kuti ndi la chiyani. Makampani akuluakulu ndi akunja amazolowera zilembo zitatu, RFQ, zimene zimatanthauza pempho la mtengo, ndipo kuziika kutsogolo kwa mutu sikudya malo. Njira yabwino yodziwira ngati mutu wanu wakhala bwino ndi kudzitumizira nokha kalatayo, n'kuiyang'ana pafoni musanaitsegule. Zimene mukuona pamenepo ndi zimene wogulitsa adzaone. Ngati mwa mawu ooneka okhawo simungadziwe katundu amene akufunidwa, bwererani mukakonze.

Chiwerengero ndi chimene anthu ambiri amachita nacho manyazi. Wabizinesi wamng'ono amaopa kuti akatchula 3,000 fakitale imuona ngati wosafunika, ndiye amabisa nambalayo kapena amalemba kuti akufuna ambiri. Ena amakokomeza, kutchula 20,000 pofuna kuti apatsidwe mtengo wotsika. Zonse ziwirizi zimabwerera mwini. Mtengo wa fakitale umayendera kuchuluka kwa oda, choncho popanda chiwerengero wogulitsa sangatchule mtengo woona. Ndipo mtengo umene mwapatsidwa pa 20,000 udzasintha tsiku limene mudzanene kuti ndalama zanu zikukwana 3,000, kuwonjezera apo munthuyo adzasiya kukhulupirira mawu anu. Chimene chimakweza wogula wamng'ono pamaso pa wogulitsa ndi kubwerabwera. Mzere uja wonena za 1,000 mwezi uliwonse ukumuuza kuti pachaka ndi mabotolo 12,000, ndipo ameneyo ndi kasitomala woyenera kumuyankha. Koma mzerewo ulembedwe pokhapokha ngati ndi woona.

Tsiku nalonso likhale lenileni. Mawu akuti mwamsanga sauza munthu kanthu, chifukwa aliyense wolemba kalata amafuna zake mwamsanga. Tsiku lotchulidwa limamulola wogulitsa kuyang'ana m'nyumba yosungira katundu ndi ndondomeko ya makina ake n'kunena kuti zitheka kapena ayi. Mwezi ulembedwe m'mawu. Mukalemba 06/07, wa ku Malawi awerenga kuti 6 Julayi, koma wa ku America awerenga kuti 7 Juni.

Mwina wina afunsa kuti kodi si bwino kuyamba ndi kudzidziwitsa, popeza munthuyo sakukudziwani. Kudzidziwitsa n'kofunika, koma malo ake ndi pambuyo pa pempho, ndipo kukhale kwa ziganizo ziwiri zokha. Wogulitsa akaona kale kuti pali oda ya mabotolo 3,000, m'pamene amafuna kudziwa ngati wolembayo ndi wabizinesi weniweni. Zimene zimamutsimikizira ndi zinthu zogwirika: mumapanga chiyani, muli kuti, mumagulitsa kwa yani, ndiponso dzina lawo munalipeza bwanji. Ngati bizinesi yanu inalembetsedwa ndipo muli ndi TPIN ya ku MRA, kapena chiponde chanu chili ndi chiphaso cha bungwe loona za miyezo la MBS, tchulani m'mawu ochepa. Mbiri ya mmene munayambira ndi mavuto amene mwadutsamo ndi nkhani yabwino, ndipo idzakoma tsiku limene mudzakumane maso ndi maso. Pali mpata umodzi wokha pamene dzina la munthu liyenera kutsogola: ngati amene wakulozerani kumeneko ndi kasitomala wawo wodziwika ndipo wakulolani kumutchula. Pamenepo dzinalo lilowe m'chiganizo choyamba chomwecho, limodzi ndi pempho, chifukwa ndi limene lingatsegulitse kalata.

Kalata yoyamba ikhale ndi pempho limodzi. Mayiyu m'mtima mwake akufuna zambiri: kotesheni, mabotolo angapo oti ayesere, kuchotseredwa mtengo, ndiponso kuti azitenga katundu n'kulipira pambuyo. Zonsezi ndi zoyenera kukambirana, koma osati tsiku limodzi. Kupempha ngongole m'kalata yoyamba kwa munthu amene sanakugulitsenipo ngakhale chivindikiro chimodzi kumasintha nkhope ya kalata yonse, imaoneka ngati ya wofuna thandizo. Yambani ndi kotesheni, chifukwa ndi chinthu chimene wogulitsa angachite popanda kufunsa bwana wake ndiponso popanda kutaya kanthu. Mtengo ukabwera, m'pamene mungapemphe mabotolo oyesera, n'kuthiramo chiponde chanu kuti muone ngati chivindikiro chikugwira ndipo mafuta sakutuluka.

Ngati wogulitsayo ali kunja, kaya ku Johannesburg, ku Dar es Salaam kapena ku China, kalatayo ilembedwa m'Chingerezi, koma kasanjidwe kake n'komweko. Chowonjezera n'chakuti dzina la dziko lilowe m'mizere yoyamba. Osangoti Lilongwe, lembani Lilongwe, Malawi, chifukwa si aliyense kunjako amadziwa kumene mzindawu uli kapena kuti dziko lathu lilibe doko la panyanja yamchere. Katundu wochokera kutsidya kwa nyanja amatsikira ku Beira, Nacala, Dar es Salaam kapena Durban n'kuyenda ulendo wina pamtunda, ndipo mtengo wa ulendo umenewo ukhoza kusintha phindu lonse, makamaka pa katundu ngati mabotolo opanda kanthu amene amadya malo ambiri m'lole. Choncho nenani ngati mukufuna mtengo wa pachipata cha fakitale, umene pa kotesheni umalembedwa EXW, kapena wofikitsa katundu pamalo amene mwatchula, umene umalembedwa DAP. Pa DAP msonkho wa pachipata cha dziko umakhalabe wanu. Funsaninso kuti mtengowo ndi wa ndalama iti ndipo ukhala masiku angati usanasinthe. Amene anali pa malonda mu Novembala 2023, kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, amadziwa chifukwa chake funso limeneli silisiyidwa, ngakhale pogula kufakitale ya m'dziko muno imene imaitanitsa zipangizo zake kunja.

Pali tizinthu tina timene timaononga kalata yabwino isanawerengedwe. Mutu wa zilembo zazikulu zokhazokha ndi zizindikiro zofuula umafanana ndi wa makalata achinyengo, ndipo ukhoza kuigwetsera kalata m'bokosi la Spam. Kuika pempho lonse m'chikalata chomata n'kusiya imelo yopanda mawu n'kulakwitsa komweko m'njira ina, popeza anthu osamala satsegula chomata chochokera kwa mlendo. Chithunzi chimodzi cha botolo n'chothandiza, koma mawu onse ofunika akhale m'kalata mwenimweni. Ndipo ngati mukufunsa makampani asanu, aliyense alandire kalata yakeyake. Kuwaika onse pamodzi mu Cc kumamuuza aliyense kuti ndi mmodzi chabe mwa gulu, komanso kumaulula kwa opikisana naye amene mukukambirana nawo.

Yankho limene labwera limakuuzani mmene kalata yanu inalili. Mukalandira kotesheni yokhala ndi katundu wanu, chiwerengero chanu ndi masiku, mizere yoyamba inagwira ntchito. Mukalandira mafunso, onani chimene afunsa, chifukwa chimenecho n'chimene chinasowa, ndipo muchiike m'kalata yopita kwa wogulitsa wotsatira. Mukalandira ndandanda ya katundu yense, ndiye kuti wowerengayo sanaone chimene mumafuna. Pakakhala zii, musafulumire kuganiza kuti akunyozani. Dikirani masiku atatu kapena anayi ogwira ntchito, kenako yankhani pa kalata yomweyo kuti yakale ioneke pansi, ndipo mzere woyamba ubwereze pempho: mabotolo 3,000 a mamililita 500, pasanafike pa 15 Juni. Mukatero imbani foni. Mukaimba, mutu wa kalata uja ukuthandizaninso, chifukwa mungamuuze woyankhayo mawu enieni oti afufuze, ndipo mumufunse dzina la amene amaona za mabotolo. Wogulitsa akakusamutsirani pa WhatsApp, uthenga woyamba kumeneko usakhale moni yekha wodikira yankho. Moni ndi pempho zipite mu uthenga umodzi.

Kalata yokonzedwa bwino siisintha malamulo a fakitale. Zikhoza kutheka kuti mayi wathuyu ayankhidwa tsiku lomwelo kuti chiwerengero chochepetsetsa ndi 5,000, kapena kuti apakamwa pa mamilimita 70 alibe, ali ndi a 63 okha. Limenelo ndi yankho laphindu, chifukwa labwera nthawi ikadalipo. Iye angawerengere ngati ndalama ndi malo osungira zingakwane 5,000, amene ndi mabotolo a miyezi isanu. Angagwirizane ndi mnzake wopanga uchi kapena jamu kuti agawane oda imodzi. Kapenanso angalembe mzere umodzi wofunsa dzina la wogulitsa wawo wa ku Lilongwe amene amatenga katundu kufakitaleko n'kumagulitsa makatoni ochepa, ndipo kalata yopita kwa ameneyo idzayamba ndi dzina la fakitale imene yamulozera, kenako mabotolo 3,000 omwe aja ndi tsiku lake.